Momwe mungaletsere ma apudeti a magemu kukumalizirani bandulo

Ambiri bandulo ikatha mwachangu amati gemu yanga imadya data kwambiri, koma mukaona bwinobwino kusewerako sikumene kumadya. Gemu ya pa intaneti ngati Free Fire kapena PUBG Mobile, pamene mukusewera foni imangotumiza timauthenga ting'onoting'ono ku seva, kuti muli pati, mwawombera kuti, mnzanu wathawira kuti, ndipo pa ola lathunthu nthawi zambiri ndi ma MB makumi angapo basi. Zithunzi, mamapu, mawu ndi zovala za anthu a mugemumo zimakhala zili kale mufoni mwanu. Chimene chimakolopa bandulo ndi nthawi yomwe zinthu zimenezi zikulowa mufonimo, apudeti ija, ndipo imabwera kudzera makomo awiri osati limodzi.

Khomo loyamba ndi Play Store. Apa mpamene pamasinthidwa pulogalamu ya gemuyo, ndipo Play Store kawirikawiri imayesetsa kukutumizirani zokhazo zomwe zasintha osati gemu yonse, nchifukwa chake gemu yaikulu imatha kukhala ndi apudeti yaing'ono. Kutseka khomo ili nkosavuta. Tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba kumanjako, pitani pa Settings, kenako Network preferences, kenako Auto-update apps. Pamenepo sankhani Don't auto-update apps kapena ija yongolola pa Wi-Fi. Ine ndimakonda yoletseratu, chifukwa chake ndichinena mmusimu. A iPhone pitani mu Settings, pezani App Store muthimitse App Updates.

Khomo lachiwiri ndi limene limapweteka anthu, ndipo Play Store ilibe nalo mphamvu ngakhale pang'ono. Mukatsegula gemuyo, iyo yokha imalumikizana ndi seva yake nkuyamba kukoka zinthu zina, mapu atsopano, zida, zovala za sizoni yatsopano, mawu, ndipo mumangoona kamzere kakuyenda pansi pa sikirini kali ndi manambala monga 120MB/900MB. Manambala amenewo muziwawerenga musanadine OK, musamangodina mothamanga chifukwa anzanu akukudikirani mu timu. Ya kumanjayo ndiye data yonse yomwe ikufunika.

Tiyerekeze chonchi. Munagula bandulo ya 2 GB, mwagwiritsa kale 700 MB, ndiye yatsala pafupifupi 1.3 GB. Play Store ikuonetsa kuti apudeti ya gemu yanu ndi 600 MB, inu mukuti aa ikwana iyi, mwadina Update, yatheka, mwatsala ndi 700 MB. Mukutsegula gemu ija, ikuti dawunilodani 900 MB kuti mupitirize. Apa ndiye mwakodwa pakati, kubwerera ku yakale sikutheka, kumaliza yatsopano data sikukwana, gemu siikutseguka ndipo mukangoti ndiyesebe, bandulo ithera pa njira, mutsala opanda gemu komanso opanda WhatsApp. Pa manetiweki ena bandulo ikatha foni imayamba kudya mayunitsi mwakachetechete, pamenepo ndiye ululu weniweni. Ndiye ikakhala apudeti yaikulu, makamaka zija za sizoni yatsopano, nambala ya pa Play Store muziyitenga ngati gawo loyamba chabe, ndipo musayambe ngati data yotsala ikungokwanira ndendende pa nambala imeneyo. Dikirani mupeze waifai, kapena ngati netiweki yanu ili ndi bandulo ya usiku yotchipa, pangirani pamenepo zonse ziwiri, Play Store kenako mutsegule gemuyo imalize zake zamkati usiku womwewo. Ambiri amaiwala kutsegulako, nkudzalipira ndi bandulo ya masana.

Kudikira kuli ndi malire ake, ndinene zoona. Magemu a pa intaneti amafuna onse osewera akhale pa mtundu umodzi ndi seva, ndiye ikafika apudeti yokakamiza simungalowe mpaka mutaipanga. Chomwe muli nacho mmanja ndi kusankha nthawi ndi malo, osati kuikana mpaka kalekale. Magemu osafuna intaneti ndiwo mutha kuwasiya osapanga apudeti kwa miyezi, ndipo ambiri mwa amenewo mukathimitsa data posewera mumapulumukanso ku mavidiyo otsatsa malonda aja, omwe nawonso amadya data yanu.

Tsopano mkati mwa gemumo. Magemu akuluakulu ambiri ali ndi malo oonetsa zoti mudawunilode, kawirikawiri pamalembedwa Download kapena Resources. Lowani mmenemo muone bwino, mupeza kuti zambiri si zokakamiza. PUBG Mobile mwachitsanzo imakupatsani mwayi wosankha pakati pa zithunzi za HD ndi zopepuka, ndipo mamapu ena mumakoka pawokhapawokha. Ngati mumasewera mapu amodzi tsiku ndi tsiku, enawo asiyeni, ndipo ngati pali poti izidzidawunilodera yokha thimitsani. Zovala za osewera ena zikapanda kuoneka bwino sizikulepheretsani kuwina.

Chifukwa chija ndinati ndichinena, chokondera kuletseratu ma apudeti pa Play Store, ndi nkhani ya hotisipoti. Foni ikalumikizidwa ku hotisipoti ya mnzanu kapena ku ka mayifayi, imatha kuiona ngati waifai wamba yopanda malire, ndiye zonse zija zimadikira waifai zimadzuka nthawi imodzi, magemu, mapulogalamu ena, zithunzi zopita ku bakapu, bandulo ya mwini wake nkusungunuka ngati mchere mmadzi. Pa Android lowani mu Settings pa Wi-Fi, dinani dzina la hotisipotiyo, fufuzani pomwe palembedwa Metered musankhe Treat as metered, mayina amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni. Pa laputopu ya Windows imatchedwa Metered connection, iyatseni musanatsegule gemu iliyonse.

Musanayambe apudeti yaikulu onaninso malo mufoni. Imafuna malo oposa kukula kwake chifukwa imayamba yasunga fayiloyo kenako nkuimasula, ndiye malo akachepa imatha kukanika kumapeto, data itapita kale. Chimodzimodzi netiweki ikamadukaduka, ena magemu amapitiriza pomwe analekezera koma ena fayilo ikaonongeka amayambiranso. Khalani pamalo pomwe netiweki yakhazikika, batire ikhale ndi moto, ndipo musatuluke mugemumo kupita kukacheza kwina pamene kamzere kakuyenda.

Ndipo chonde, gemu ikamajama musathamangire kudina Clear data kapena Clear storage. Zimenezi zimatha kufufuta zonse zomwe gemu inakoka mkati, mamapu ndi zina zonse, nkuyambiranso pa ziro, komanso ngati akaunti simunaimangirire ku Google kapena Facebook mutha kuitaya. Yambani ndi Clear cache, kapena kuthimitsa foni nkuyatsanso. Kuichotsa gemu nkuikanso ndiye njira yodula kuposa zonse.

Kuti mudziwe yemwe wadya data yanu, lowani mu Settings mupeze Data usage, muone mndandanda wa mapulogalamu. Ikakhala Google Play Store ili pamwamba, vuto ndi khomo loyamba. Likakhala dzina la gemu lili ndi ma MB mazanamazana pomwe simunasewere kwambiri, ndi zamkati zija. Pomwepo pali Set data limit, ikani nambala yotsikirako pang'ono poyerekeza ndi bandulo yanu, monga 1.8 GB pa bandulo ya 2 GB chifukwa mawerengedwe a foni ndi a kampani ya netiweki amasiyanako pang'ono, ndipo ikafika pamenepo foni izithimitsa yokha data isanakhudze mayunitsi anu.