Momwe mungajambulire mizere yolondola mu AutoCAD osalemba manambala a malo aliwonse

Anthu ambiri akangoyamba AutoCAD amaphunzitsidwa kulemba zinthu ngati `@4000,0` pa mzere uliwonse, ndiye amatopa, kenako amayamba kungodina ndi maso poti apa pakuoneka ngati pakumana. Vuto limayambira pamenepo chifukwa mizere imene ikuoneka yokumana pa sikirini nthawi zambiri sinakumane, mukakulitsa chithunzi mupeza kampata. Njira yabwino ndi yoti mbali yolowera mzere muzionetsa ndi mawusi, kutalika kokha ndi kumene muzilemba, ndipo malo okumanirana mizere pulogalamu izikugwirirani yokha. Tiyeni tijambule chipinda cha mamilimita 4000 m'lifupi, khoma lakumanzere 3000, lakumanja 2000, ndipo kona yakumwamba kudzanja lamanja ndi yodulidwa pa madigiri 45.

Musanajambule kanthu lembani `DSETTINGS` ndi kudina Enter. Pa tsamba la Object Snap, pomwe mumasankha malo oti pulogalamu izikugwirirani, chongani Endpoint ya kumapeto kwa mzere, Midpoint ya pakati pa mzere, Center ya pakati pa bwalo ndi Intersection ya podutsana mizere basi, zinazo zisiyeni. Ena amadina Select All poganiza kuti zikachuluka ndiye zithandiza kwambiri, koma ayi ndithu, makamaka Nearest ndi yoopsa chifukwa imagwira paliponse pa mzere ndiye inu mumaona ngati mwagwira kumapeto chonsecho mwagwira pafupi chabe. Kenako pitani pa tsamba la Polar Tracking, pa Increment angle sankhani 45, ndipo kumanja kwake siyani pa Track orthogonally only. Mukatseka podina OK onetsetsani kuti F3 ya Object Snap ndi F11 ya Object Snap Tracking, yomwe imasunga malo ndi kuwatsatira, ndi zoyatsa, F9 ndi yozimitsa. Pa malaputopu ena muyenera kugwira batani la Fn kaye kuti mabataniwa amvere.

Tsopano dinani F8 kuti Ortho iyake. Ntchito yake ndi imodzi yokha, imakakamiza mzere kuyenda chopingasa kapena choimirira. Lembani `LINE`, dinani paliponse pa sikirini, pamenepo ndiye pakhala kona yakumwamba kumanzere. Kokerani mawusi pansi pang'ono, musadine, ingolembani 3000 ndi Enter. Kokerani kumanja, 4000, Enter. Kokerani m'mwamba, 2000, Enter. Makoma atatu atheka ndi manambala atatu okha, ndipo simunafunike kukumbuka kuti kutsika pansi kumafuna nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera. Musatuluke mu lamuloli, tikupitiriza pomwepo.

Apa ndiye pamene pali nkhani yeniyeni. Khoma lopendekalo kutalika kwake sitikukudziwa, chomwe tikudziwa ndi choti likwera pa madigiri 45 mpaka lifike pa msinkhu wa kona yoyamba ija. Ortho singathe zimenezi, ndiye dinani F10 kuti Polar Tracking iyake, ndipo muona kuti Ortho yazima yokha, ziwirizi siziyakira limodzi. Kusiyana kwake ndi koti Polar sikakamiza, imangotulutsa mzere wa timadontho mawusi akayandikira madigiri omwe munasankha aja, mukachokapo mzerewo umasowa.

Pititsani mawusi pa kona yoyamba ija, muona kabokosi kakang'ono ka Endpoint. Imani pomwepo kamphindi osadina, mpaka paoneke kamtanda kakang'ono, ndiye kuti malowo pulogalamu yawasunga. Kudina apa ndiye kulakwitsa kumene ambiri amachita, mukadina mzere wanu uthamangira ku konayo ndi kudula chipinda chonse, zikatero lembani `U` ndi Enter mubwerere sitepe imodzi. Malo akasungidwa yendetsani mawusi pang'onopang'ono kulowera kumanja motsatira mzere wa timadontho wochokera pa konapo. Mukayandikira pamwamba pa khoma lakumanja cha kumanzere kwake, mzere wina wa timadontho utuluka wochokera pamene munalekezera, wa madigiri 135, poti AutoCAD imawerenga 0 kuchokera kumanja ndi kuzungulira mobwerera motsutsana ndi wotchi. Pamene mizere iwiriyi yadutsana pabwera ka X ndipo kauthenga ka pa mawusi kaonetsa madigiri a mizere yonse iwiri. Dinani pamenepo. Kenako lembani `C` ndi Enter, chipinda chatsekeka.

Kutalika kwa khoma lopendekalo ndi 1414.21 ndi timanambala tina totsatira, tangoganizani mukanati muwerengere nokha ndi kulemba 1414, khoma lakumwamba likanapendekeka pang'ono kwambiri moti maso sangaone koma miyeso ikanayamba kusiyana.

Njira yomweyi imagwiranso popeza pakati popanda kujambula mizere yothandizira yoti muzifufutanso. Tinene kuti mukufuna bwalo molunjika pakati pa khoma lakumanzere ndi pakati pa khoma lapansi. Lembani `CIRCLE`, imitsani mawusi pakati pa khoma lakumanzere mpaka kachizindikiro ka makona atatu ka Midpoint kaoneke ndi kamtanda kaja, chitaninso chimodzimodzi pa khoma lapansi, kenako lowetsani mawusi mkati mwa chipinda, mizere iwiri ya timadontho idutsana, dinani, lembani 300 ngati mtunda wochokera pakati pa bwalo kufika m'mphepete mwake, ndi Enter. Mukasunga malo olakwika ingoimitsaninso mawusi pa kamtandako, kachoka.

Pali zinthu zingapo zomwe zimasokoneza ngakhale mwatsata zonsezi. Choyamba, Object Snap ndi yamphamvu kuposa Ortho. Ortho ikhoza kukhala yoyaka bwinobwino koma mukadina pomwe chizindikiro cha Endpoint chikuoneka, mzere upita pa malo amenewo ngakhale upendeke, ndiye musamadalire F8 yokha, muziyang'ana chomwe chayaka pa mawusi musanadine. Pa Polar napo, ngati mwalemba kutalika mzere wa timadontho usanatuluke, kutalika kukhala kolondola koma kona ikhala ya pomwe mawusi anangoima, mwina 44 mwina 46. Ine ndimakonda kujambula ndi Polar nthawi zonse ndipo ndikafuna mzere wowongoka msanga ndimangogwira Shift, imayatsa Ortho kwa nthawi yomwe chala chili pa batanipo.

Mawusi akamadumphadumpha osafuna kuima pomwe mukufuna, si kompyuta yawonongeka ayi, mwadina F9 mosadziwa. Imeneyo ndi Snap Mode, imakakamiza mawusi kuyenda m'masitepe ofanana ndipo siyofanana ndi Object Snap ya F3 ngakhale mayina akufanana. Ndipo mukafuna Perpendicular kapena Tangent kamodzi kokha musapite kukachonga mu `DSETTINGS`, gwirani Shift ndi kudina batani lakumanja la mawusi lamulo lili mkati, musankhe pa mndandanda womwe watuluka, igwira pa kudina kumodziko basi kenako zonse zibwerera mwakale.

Pomaliza yezani ntchito yanu. Lembani `DIST`, gwirani ma Endpoint awiri a khoma lakumwamba. Liyenera kupereka Distance ya 3000 ndipo Delta Y, yomwe ndi kusiyana kwa msinkhu wa malo awiriwo, ikhale 0. Ngati Delta Y ili ndi kanambala kena kalikonse ndiye kuti munadina pambali pa ka X kaja, fufutani khoma lopendeka ndi lakumwamba, yambitsani `LINE` pa Endpoint ya khoma la 2000 mubwereze kusunga kona ija, koma ulendo uno potseka mugwire Endpoint ya kona yoyamba m'malo molemba `C`, chifukwa `C` imagwira pokhapokha mutajambula mizere iwiri mu lamulo limodzi, ndipo imakubwezerani pamene lamulolo layambira.