Nsapato za kaunjika zofumbutuka soli nyengo ya dzinja ino: musanyengedwe ndi polishi

Chiyambireni mvula ya chaka chino, ndakhala ndikuona chinthu chimodzi chikubwerezabwereza m'misewu ya ku Chibavi, Mchengautuwa ndi Luwinga kuno ku Mzuzu, ndipo ndi chimene chandichititsa kulemba malangizo ano. Munthu amagula nsapato za kaunjika zooneka ngati sizinavalidwepo, amayenda nazo masiku atatu kapena sabata imodzi m'matope athu ano, kenako soli imayamba kunyenyeka ngati chigumu chouma, kusiya tizidutswa takuda paliponse pamene waponda. Osoka nsapato amene amakhala m'mbali mwa msika waukulu wa Mzuzu akulandira nsapato zotere pafupifupi tsiku lililonse, ndipo zambiri mwa izo akuzibweza kwa eni ake osazikhudza n'komwe chifukwa palibe pogwira ulusi kapena guluu.

Cholakwika chake n'chimodzi: ogula akuyesa nsapato ndi maso, ndipo maso awo akuthera pamwamba. Akaona chikopa chonyezimira, zingwe zoyera ndi mizere ya pansi yosaperepeseka, amati apeza mwayi, amalipira, n'kumapita. Koma pa nsapato zochokera m'belo, imene ikuoneka yatsopano kwambiri nthawi zina ndi imene yatheratu kale.

Chifukwa chake chili mu chinthu chimene soli inapangidwira. Soli zambiri za nsapato za ku ofesi zofewa pansi, za majombo ogwirira ntchito ndiponso za nsapato zina zamasewera, amazipanga ndi pulasitiki wofewa wotchedwa poliyuletheni, amene nthawi zina amamulemba ndi zilembo P ndi U pansi pa nsapato kapena pa kachikalata kake. Pulasitiki ameneyu ndi wopepuka ndipo amamveka bwino kuphazi, koma ali ndi vuto lakuti chinyontho cha mumpweya chimalowa mkati mwake pang'onopang'ono n'kumadula zimene zimamugwirizanitsa. Zimenezi zimachitika ngakhale nsapato itangokhala m'bokosi, ndipo nsapato yosungidwa osavalidwa imawonongeka msanga kusiyana ndi imene ikuvalidwa kawirikawiri. Tsono taganizirani ulendo wa nsapato imeneyi. Mwini wake woyamba kunja kuja anaigula, anaivala kawiri kapena katatu, anaisunga zaka zingapo, kenako anaipereka kwa osonkhanitsa zovala zakale. Inapanikizidwa m'belo, inakhala m'kontena yotentha panyanja, inadikira padoko, inakwera galimoto mpaka kufika kuno. Pamwamba pake sipanasinthe chifukwa palibe amene anaiyendetsa, koma soli inakalamba zaka zonsezo mwakachetechete. Ikakumana ndi kulemera kwa munthu komanso mvula ya Mzuzu, imene timaidziwa tonse kuti imagwa mpaka mu Epulo ngakhale kupitirira, imangotsiriza zimene zinayamba kale.

Mlimi wina wa nthochi ndi tomato wa ku Choma, bambo wachikulire amene ndimagwira naye ntchito, anandionetsa zimenezi mwezi wa Januwale. Atagulitsa tomato wake, anagula majombo a chikopa pa K45,000, akuti oti azivala popita kudimba ndi kumisonkhano ya kalabu. Anandiuza monyadira kuti, "Alangizi, awa ndi oyamba kutuluka m'belo, ngakhale kachikalata ka mtengo wa kwawoko kanali kadakalipo." Patapita masiku asanu ndi limodzi anabwera nawo m'jumbo. Chikopa chinali chikadali chokongola, koma soli ya jombo la kumanja inali itang'ambika pakati, pamene phazi limapindikira, ndipo chidendene chinali chitaphwanyika moti nditachifinya ndi zala chinasiya phala lakuda lomata ngati phula. Ndinatembenuza jombo la kumanzere, limene linkaoneka lolimba, n'kukanikiza chikhadabo m'mbali mwa soli, ndipo chikhadabocho chinalowa n'kusiya dzenje losabwereranso m'malo mwake. Pansi pa lilime la jombo panali kachikalata kolembedwa 04/14, kutanthauza kuti linapangidwa mu Epulo 2014. Bambowo anali atagula majombo a zaka zoposa khumi pa mtengo wa atsopano. Anapita nawo kwa wosoka nsapato, amene anawauza zoona kuti njira yokhayo ndi kuchotsa soli yonse n'kuikapo ya tayala, ndipo zimenezo zinafuna ndalama zina pamwamba pa zimene anali atataya kale, osawerengera tsiku limene anayenda wapansi kuchokera kudimba jombo limodzi lili m'manja.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti anthu omwewa sagula chinthu china chilichonse mwa njira imeneyi. Mayi wogula mtondo amaugogoda kuti amve ngati uli ndi mng'alu, ndipo mlimi wogula mbuzi amaitsegula pakamwa kuti aone mano. Koma akafika pa mulu wa nsapato, amachita manyazi kupinda katundu wa mwini, amaopa kuti wogulitsa awanena kuti alibe ndalama, ndipo amakhutira ndi chizolowezi chakale chija choyika nsapato pambali pa phazi kapena kuiyesa ndi kamtengo kamene anathyola kunyumba molingana ndi phazi la mwana. Kamtengo kamakuuzani kutalika basi. Ndamvanso ena akunena kuti nsapato yochokera kunja siingafanane ndi ya m'sitolo, ngati kuti dziko limene inachokera limaletsa chinthu kukalamba. N'zoona kuti m'belo mumatuluka nsapato zolimba kwambiri kuposa zambiri zatsopano zotsika mtengo, ndipo ineyo ndimavala za kaunjika, koma ubwino umenewo umapezeka ndi munthu amene wagwiritsa ntchito manja ake.

Kuyesa kwake sikutenga ngakhale mphindi ziwiri. Gwirani nsapato kutsogolo ndi kuchidendene, ndipo muipinde mwamphamvu pamalo pamene zala za phazi zimapindikira, maso anu ali pansi ndi m'mbali mwa soli. Soli yamoyo imapindika n'kubwerera popanda chizindikiro chilichonse, pamene yakufa imaonetsa timing'alu ting'onoting'ono, nthawi zina imalira pang'ono ngati chinangwa chikuthyoka. Kenako kanikizani chikhadabo cha chala chachikulu m'mbali mwa chidendene, makamaka pa gawo lofewa limene lili pakati pa chikopa ndi mphira wa pansi penipeni, chifukwa nsapato zambiri zili ndi mphira wabwino kunja pamene chapakaticho chinawola kale. Mukaona kuti chikhadabo chasiya dzenje, kapena pachala patsala ufa, kapena pamalopo pakumata, ibwezeni pamulu ngakhale mtengo utatsitsidwa ndi theka. Chitani zimenezi pa nsapato zonse ziwiri, popeza sizifa tsiku limodzi. Wogulitsa akakaniza kupinda, nanunso kanani kugula, chifukwa nsapato imene singapirire manja anu singapirire msewu wa ku Masasa.

Fufuzaninso tsiku limene inapangidwa. Nsapato zambiri zamasewera zimakhala ndi manambala a mwezi ndi chaka pa kachikalata ka pansi pa lilime, ndipo majombo ogwirira ntchito ena amakhala ndi kachizindikiro kozungulira ngati wotchi kodindidwa pa soli, chaka chili pakati ndipo kamuvi kakuloza mwezi. Ineyo soli ya pulasitiki wofewa uja ikapitirira zaka zisanu ndimayamba kuikayikira, ndipo ikafika zaka khumi sindiigula, ioneke bwino chotani. Soli ya mphira weniweni, yolemera komanso yosokedwa ndi ulusi kuzungulira, ilibe vuto limeneli, ndipo ikaperepeseka wosoka nsapato aliyense angathe kuisintha.

Nkhani ya guluu ndi yogwirizana ndi yomweyi, chifukwa nsapato imene soli yake yayamba kuyasama nthawi zambiri imamatidwa isanafike pa benchi. Yendetsani chala kuzungulira mzere umene soli imakumana ndi chikopa, ndipo mukoke pang'ono kutsogolo ndi kuchidendene. Guluu wa kufakitale saoneka ndipo mzere wake umakhala wosalala. Mukapeza malo olimba ngati galasi, okhala ndi zoyerayera m'mbali, dziwani kuti pathiridwa supagulu, amene amauma mwachangu koma sapindika, moti amasweka pa ulendo woyamba ndipo amaumitsa chikopa mpaka singano imavutika kulowa. Polishi wakuda wopakidwa mochuluka pa mzere umenewu, kapenanso pa soli penipeni pamene polishi alibe ntchito, ndi chizindikiro chakuti pali chimene chikubisidwa. Komabe tisiyanitse bwino apa: soli yolimba imene yangomatuka si vuto lalikulu, ndipo ingakuthandizeni kutsitsa mtengo, pamene soli yofumbutuka ilibe mankhwala chifukwa guluu amangogwira ufa umene ukuchoka.

Za mkati sindinenapo zambiri popeza aliyense amadziwa kulowetsa dzanja. Tulutsani kansalu kopondapo muone pansi pake ngati pali chuku, mng'alu kapena misomali, finyani kumbuyo kwa chidendene kuti muone ngati kukadali kolimba, ndipo nsapato yapulasitiki wooneka ngati chikopa imene yayamba kusupuka mkati muisiye, chifukwa kusupukako sikuleka. Muikenso nsapato zonse ziwiri pamalo osalala. Imene ikupendekera mbali imodzi inatengera kale kayendedwe ka mwini wake woyamba.

Amene mwagula kale, ngati soli ndi yolimba koma yamatuka, itsukeni, iume bwino pamthunzi, mupale mbali zonse ziwiri ndi sandipepa, mupake guluu wa osoka nsapato uku ndi uku, mudikire mphindi 10 mpaka 15 kuti aleke kumata kuchala, kenako mukanikize ndi kugogoda ndi hamala, ndipo musaivale mpaka mawa lake. Kuisoketsa pamwamba pa guluuyo n'kwabwino kwambiri m'nyengo ino. Musaumitse nsapato pambali pa mbaula chifukwa kutentha kumafewetsa guluu ndi kuumitsa chikopa. Ikanimo mapepala akale usiku wonse. Ngati soli ikunyenyeka koma chikopa n'chabwino, funsani mtengo wa soli yatsopano ya mphira kapena ya tayala musanavomere, ndipo mukaona kuti ukuyandikira mtengo wa nsapato ina, chotsani zingwe musunge, zotsalazo mutaye.