Kupeza avereji pamene mayeso akulemera mosiyana

Aphunzitsi anzanga, ngati mayeso anu salemera mofanana, musagwiritse ntchito AVERAGE mu Excel, chifukwa imatenga mayeso onse ngati ofanana.

Tinene kuti mwana wapeza 80 pa ntchito ya kunyumba, 70 pa mayeso apakati, ndi 50 pa mayeso omaliza. Malikisiwa alembeni mu B2 mpaka B4. Pambali pake, mu C2 mpaka C4, lembani kulemera kwake: 20, 30 ndi 50. Kenako lembani fomula iyi:

```
=SUMPRODUCT(B2:B4,C2:C4)/SUM(C2:C4)
```

SUMPRODUCT imachulukitsa malikisi aliwonse ndi kulemera kwake n'kuwonkhetsa: 1600, 2100 ndi 2500 zikukwana 6200. Tikagawa ndi 100, mwanayu wapeza 62. AVERAGE ikanamupatsa pafupifupi 67, malikisi oti sanawagwirire ntchito.

Koma samalani kwambiri ndi mwana amene sanalembe mayeso ena. Bokosi lopanda kanthu, kapena lomwe mwalembamo mawu, fomulayi imaliwerenga ngati 0 osakuchenjezani, pomwe kulemera kwake kukuwerengedwabe. Mwana amene anadwala angaoneke ngati walephera, choncho yang'anani kaye mabokosi oterewa musanatulutse zotsatira.