Kagonedwe ka mayi woyembekezera pakati pakakula

Pakati pakakwana masabata 28, pamene mayi akulowa mwezi wa 7, asiye kugona chagada. Kaya ndi usiku kaya ndi katulo ka masana pakhonde, aziyamba tulo atagona chammbali, makamaka kumanzere.

Chifukwa chake chili m'mitsempha. Kuseri kwa chiberekero, motsatira fupa la msana, kumadutsa mtsempha waukulu womwe umabweza magazi ochokera m'miyendo ndi m'chiuno kupita kumtima. Mtsempha umenewu ndi wofewa, ndipo uli chakumanja kwa msana. Pofika mwezi wa 9, mwana, nsengwa, madzi ndi chiberekero chenichenicho zimalemera pafupifupi makilogalamu 5 zonse pamodzi. Mayi akagona chagada, katundu yenseyu amatsamira pamtsempha uja n'kuuphwatalitsa. Magazi obwerera kumtima amachepa, ndiye opita kunsengwa nawonso amachepa, pomwe mpweya ndi chakudya cha mwana zimadzera komweko. Akatembenukira kumanzere, chiberekero chimagwera kutali ndi mtsemphawo ndipo magazi amayambanso kuyenda bwino.

Amayi ena thupi limawauza lokha. Akagona chagada kwa mphindi zochepa amamva chizungulire, nseru, thukuta ndi mtima kuthamanga, ndipo akatembenuka zonse zimatha. Koma ambiri samva kanthu, choncho musadikire chizindikiro. Kafukufuku wa ku New Zealand, Australia ndi Britain anapeza kuti ana omwalira m'mimba m'miyezi yomaliza amachulukirapo mwa amayi omwe amayamba tulo ali chagada. Atauphatikiza pamodzi mu 2019, zinaonekanso kuti kugonera kumanja sikusiyana kwenikweni ndi kumanzere. Ndiye ntchafu yakumanzere ikachita dzanzi, tembenukirani kumanja popanda mantha. Mukadzidzimuka pakati pausiku muli chagada, ingotembenukani basi. Palibe amene amadzilondera ali m'tulo.

Tsopano msana. Umawawa chifukwa mimba imakokera thupi kutsogolo, komanso minyewa yomanga mafupa a m'chiuno imafewa pokonzekera kubereka. Titenge mayi wa miyezi 8 amene watha tsiku ataweramira tiyi, dengu lili kumsana, kapena wakwera mtunda ndi ndowa yamadzi, ndipo usiku agona pamphasa. Akangogona chammbali popanda chotsamira, mwendo wapamwamba umagwera kutsogolo n'kupotokola chiuno, mimba nayo imalendewera pansi. M'mawa amadzuka msana uli gwa.

Sakufunika pilo wogula. Apinde bulangete pawiri kapena patatu n'kuyala pamphasapo kuti phewa ndi fupa la m'chiuno zisakhudze polimba, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Kenako agone chammbali, mawondo atawapinda pang'ono, n'kuika nsalu yokulunga pakati pa miyendo kuyambira m'mawondo mpaka mu akakolo. Ikhale yokhuthala moti bondo lapamwamba lifanane msinkhu ndi chiuno. Ambiri amalakwitsa pomwepa: amaika kansalu kopyapyala m'mawondo mokha, phazi n'kumalendewerabe, chiuno n'kupotokabe. Chitenje china chopindidwa chilowe kunsi kwa mimba kuti chiinyamule, ndipo bulangete lokulunga likhale kumsana kuti asagubudukire chagada. Amene chilungulira chimamuvuta akweze mutu ndi mapewa, koma akhalebe chammbali. Zonsezi zichitikire m'neti.

Podzuka asadzuke molunjika ngati wothawa moto. Mawondo akhale ogundana, akankhe pansi ndi manja mpaka atakhala tsonga, apume pang'ono, kenako aimirire. Potola chinthu pansi apinde mawondo m'malo mowerama, ndipo ndowa yamalita 20 aisiyire ena. Abambo, apa ndi panu. Madzulo angathe kugwada, manja ali pansi, n'kukweza msana m'mwamba pang'onopang'ono, kuwerenga mpaka 5, n'kuubweza, maulendo 10. Kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kumathandizanso. Ngati mpofunika mankhwala, panado ndiye woyenera, monga momwe anamwino akusikelo anenera. Bulufeni ndi indosidi ayi ndithu, ngakhale akupezeka m'magolosale: m'miyezi yomaliza amatha kusokoneza impso ndi kayendedwe ka magazi a mwana.

Si msana uliwonse womwe ndi wotopa chabe. Wotopa umachepa mukasintha kagonedwe. Ululu womwe umabwera n'kupita mobwerezabwereza, mimba n'kumalimba, ukhoza kukhala kuti matenda ayamba, ndipo masabata 37 asanakwane n'zoopsa kwa mwana. Ululu wa mbali imodzi, kunsi kwa nthiti, wobwera ndi kutentha thupi kapena kuwawa pokodza umaloza ku impso. Mukaona izi, kapena magazi, madzi kutuluka, kapena mwana kuchepetsa kugunda, nyamulani buku lakusikelo mupite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku. Paulendowo, ngati simungathe kukhala tsonga m'galimoto, mugonere kumanzere.