Mawu olandirira alendo a ku Italy: mmene ndinakonzera kuti amveke bwino powerenga mokweza

Mawu anali a mphindi 2, oti awerengedwe m'Chitaliyana pamwambo wotsegulira mjigo pamudzi, pamaso pa alendo ochokera ku Bergamo. Kumasulira koyamba kunali kolondola, koma wowerenga ankabanika pakati pa chiganizo.

Ndinawerenga maphatikizo a chiganizo chilichonse. Choposa 20 ndinachidula pawiri, n'kuika mzere wopendeketsa pomwe munthu ayenera kupuma.

Vuto lenileni linali kumapeto kwa ziganizo. M'Chichewa timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga mu "zikomo". Mawu ambiri a Chitaliyana amatsindikanso pomwepo: "amici", "insieme", "acqua". Koma "comunità" ndi "città" amatsindika phatikizo lomaliza, ndipo Mmalawi amakonda kuwatchula ngati Chichewa, mlendo n'kumva zachilendo. Choncho pomwe chiganizo chinkathera pa "comunità" ndinaikapo "villaggio", ndiponso mudzi ndi womwe tinkanena. "Grazie" ndinamulembera wowerengayo pambali kuti "gratsiye", kuti e yomaliza isamezedwe.

Za ulemu ndinalimbana nazo kwambiri. "Inu" wathu amakwanira munthu mmodzi kapena gulu, koma Chitaliyana chimafuna "Lei" kwa mlendo wamkulu mmodzi ndi "voi" kwa onse. Ndinapatula chiganizo chimodzi cha "Lei" choyamikira mtsogoleri wawo, zotsalazo zonse "voi".

Mwambi woti "mutu umodzi susenza denga" sindinaumasulire liwu ndi liwu. Unanenedwa kaye m'Chichewa kuti eni mudzi auvomere, kenako "l'unione fa la forza", womwe Ataliyana amaudziwa kale.