Kodi golosale yanu igulitse zingati pa mwezi kuti isagwe?

Ndalama zodzaza m'kabati madzulo si phindu. Phindu limayamba pamene zotsala pa katundu wogulitsidwa zalipira zonse zimene shopu imadya pa mwezi, ndipo malire amenewa mukhoza kuwapeza ndi cholembera ndi kope basi.

Yambani ndi zolipira zomwe sizisintha, kaya mwagulitsa kaya ayi. Tiyerekeze golosale ya pa tireding'i senta: lendi K50,000, magetsi K15,000, mlonda K10,000, laisensi ya ku khonsolo K60,000 pa chaka, yomwe ndi K5,000 pa mwezi. Onjezanipo malipiro anu, tinene K120,000. Ambiri amadumpha pamenepa, n'chifukwa chake amapezeka akudya mpamba osadziwa. Zonse pamodzi ndi K200,000.

Kenako onani zotsala pa chinthu chimodzi. Belo ya shuga ya mapaketi 20 mwaoda K53,000, kabaza wakutengerani pa K1,000. Ndiye kuti paketi yafika pa shelefu pa K2,700. Mukagulitsa K3,000, yotsala ndi K300. K300 imeneyi sinakhale phindu ayi, ndi yothandizira kulipira K200,000 ija. Mukanakhala kuti mumagulitsa shuga yekha, mukanagawa 200,000 ndi 300, n'kupeza mapaketi 667 pa mwezi.

Koma golosale imakhala ndi sopo, mafuta ophikira, mchere, buledi. Apa werengani zotsala pa K100 iliyonse yolowa m'kabati. Pa shuga uja ndi K10. Ngati katundu wanu yense pakatikati akusiya K10 yomweyo, muyenera kugulitsa za K2,000,000 pa mwezi. Shopu yotsegula masiku 26 ifunika za K77,000 patsiku, ndipo ngati kasitomala amasiya K2,500, ndiwo makasitomala 800 pa mwezi, pafupifupi 31 patsiku. Tsiku lomwe mwatseka ndi K60,000, ngakhale kabati ioneke yonona, mwaluza.

Chenjerani ndi kutsitsa mtengo pofuna kulanda makasitomala a mnzanu. Kuchotsa K100 pa paketi ya K3,000 kumaoneka kochepa, koma yotsala imagwa kuchoka pa K300 kufika pa K200, ndipo mapaketi ofunika amakwera kufika 1,000. Kodi anthu a m'dera lanu angagule owonjezera 333 amenewo?

Katundu wa ngongole musamuwerengere mpaka ndalama italowa. Sopo wopita kunyumba alembedwe ndi kuchotsedwa pa malipiro anu, buledi woonongeka achotsedwe pa zotsala. Mitengo ya ku holoselo ikakwera, werengerani ndi mtengo umene mukaodere mawa, osati wa dzulo, apo ayi shelefu imayamba kuchepa katundu pamene kope likuonetsa phindu.

Malonda a Januwale ndi Febuluwale, anthu asanakolole, nthawi zambiri sangafike pa K2,000,000 ija. Ngati mwezi wotere mwagulitsa za K1,500,000, mwapereweza K50,000, ndipo iyenera kuchokera ku zomwe munasunga m'miyezi yokolola.