Momwe mungayendetsere njinga yamoto usiku magetsi a agalimoto akukuthobani m'maso

Ndimachoka ku Lilongwe kupita kwathu ku Dedza pa njinga yamoto pafupifupi sabata iliyonse, ndipo nthawi zambiri ntchito imandichedwetsa moti mdima umandipeza ndisanafike pa Nathenje. Amene amadziwa msewu wa M1 akudziwa kuti mukangotuluka m'tauni magetsi a mumsewu palibe. Chotsala ndi nyali ya njinga yanu basi, ndi zonse zimene zikuyenda mumdimamo zopanda nyali: ngolo, njinga zakapalasa zosenza makala, anthu ochokera kumsika, mbuzi ndi agalu. Nazi zimene ndimachita.

Choyamba: yezani nyali yanu musananyamuke

Ambiri timangoona kuti nyali ikuyaka, n'kunyamuka. Koma funso ndi lakuti ikuloza kuti. Imikani njinga pamalo osalala, mamita 5 kuchokera pakhoma, madzulo kukada. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, muike chizindikiro cha makala pakhomapo pa msinkhu womwewo. Mukatero khalani panjingapo, muyatse dimu. Malire a pamwamba a kuwalako azikhala pang'ono kunsi kwa chizindikirocho, masentimita ngati 5. Akakhala pamwamba, mukuwalitsa mitengo ndi maso a anzanu, msewu uli mumdima. Akakhala pansi kwambiri, mukungoona patsogolo pa tayala. Njinga zambiri zathuzi zili ndi bawuti kunsi kapena m'mbali mwa nyali imene mumamasula n'kuiweramitsa kapena kuidzutsa.

Ngati mumanyamula munthu kapena thumba la chimanga kumbuyo, yezani katunduyo ali pomwepo. Kulemera kwa kumbuyo kumadzutsa mutu wa njinga, nyali n'kuyamba kuloza m'mwamba, ndipo n'chifukwa chake agalimoto amakuphethirirani magetsi inu muli pa dimu kale.

Za mababu ndinenepo pang'ono. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimabwera ndi babu la 12V 35/35W. Ogulitsa masipeya ena amakukakamizani lamphamvu kuposa apo, ati muziona ngati masana. Babu lotero limadya moto woposa umene njinga imapanga, batire limafooka, ndipo pomangira babupo pamatha kusungunuka. Enanso amagulitsa timababu ta LED totchipa toyera mbee, tomwe kuwala kwake kumangomwazika paliponse, kopanda malire, ndipo pa njinga zina timaphethira injini ikakhala pansi. Ndinagulapo kamodzi, sikanathe mwezi. Muuzeni wogulitsayo ayatse babulo muli pomwepo, ndipo akakana pitani kwina. Ine ndimayenda ndi babu lina lapadera ndi fyuzi m'kachikwama.

Musaiwale nyali yofiira yakumbuyo. Gwirani buleki ya kumanja, pondani ya kuphazi, muone ngati ikuwala zonse ziwiri. Imeneyo ndi imene imauza minibasi yobwera kumbuyo kuti kutsogolo kuli munthu.

Chachiwiri: galasi la chipewa

Galasi lakuda ndi la masana. Usiku valani loyera, ndipo likhale lopanda mikwingwirima. Kakukalika kalikonse kamamwaza kuwala kwa galimoto yobwera, moti nyali ziwiri zimasanduka chimtambo choyera chodzaza nkhope yonse. Litsukeni ndi madzi ndi sopo pang'ono, mupukute ndi kansalu kofewa. Kulipukuta ndi dzanja la jekete lili ndi fumbi ndiye kulikala kumene. Likatha, gulani galasi lokha, ndi lotchipa kuyerekeza ndi chipewa chonse. Osayenda galasi lili chotsegula: kachilombo kamodzi kakalowa m'diso pa liwiro, maso onse awiri amatsinzina okha.

Chachitatu: liwiro lanu lilingane ndi pamene nyali ikufika

Pitani pamsewu wa mdima wopanda magalimoto, muyatse dimu, mnzanu wovala zakuda ayende kutsogolo mpaka musiye kumuona bwino, ndiye muwerenge mapazi. Pa njinga yanga ndinapeza mamita pafupifupi 35. Tsono werengerani. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Kuti diso lione chinthu mumdima, mutu uzindikire kuti ndi ngolo, dzanja ligwire buleki, pamapita sekondi imodzi ndi theka, ndiye kuti mamita 25 atha musanayambe n'komwe kuima. Mabulekiwo amafunanso mamita 20 kapena kuposerapo pa phula louma. Zonse pamodzi ndi mamita 45, pomwe nyali ikuonetsa 35. Pa makilomita 40 pa ola, zonsezo zimakwana m'mamita osafika 30. Choncho ine ndikakhala pa dimu sindipitirira 40, ndipo ndimawonjezera moto pokhapokha msewu uli pululu ndayatsa fulu.

Chachinayi: kukumana ndi galimoto

Apa ndi pamene ndinagwera, ndipo ndikhalitsapo.

Unali mwezi wa Ogasiti, cha m'ma 7 koloko, nditapitirira pa Kamphata. Kutsogolo kunkabwera thiraki, magetsi onse ali pa fulu. Ndinamuphethirira, sanatsitse. Ndinapsa mtima n'kuyatsa fulu wanga, maso anga ali pa nyali zake, liwiro langa lili cha m'ma 60. Thirakiyo itangodutsa, kutsogolo kunali bii, ngati wina wandiphimba chiguduli kumaso. Maso atayamba kubwerera, ndinaona matabwa a ngolo ya ng'ombe patsogolo panga penipeni, yopanda nyali, yopanda chonyezimira chilichonse, ikuyenda mbali yangayo. Ndinafinya buleki yakutsogolo mwamantha, tayala linatsetsereka pa timiyala ta m'mphepete, ndinagwa n'kukhululuzika mpaka pafupi ndi tayala la ngoloyo. Ndinasupuka mkono ndi bondo, ndipo ndinakhala milungu itatu osakwera njinga. Mnyamata woyendetsa ngoloyo ndi amene anandidzutsa, akunjenjemera kuposa ine. Ndikanakhala nditanyamula munthu, sindikudziwa kuti kwawo ndikanakanena chiyani.

Ngoloyo inalipo nthawi yonseyo. Chimene chinaibisa ndi kuwala kwa thiraki, chifukwa chilichonse chimene chili pakati pa inu ndi magetsi amphamvu, kapena pambali pake, chimamira. Ndiye diso likathobwa silibwerera msanga. Kamboni ka diso kamachepa kuwala kukachuluka, ndipo kuti kazolowerenso mdima pamatenga masekondi angapo, kwa achikulire nthawi yake imatalikirapo. Masekondi atatu okha pa 60 ndi mamita 50, theka la bwalo la mpira, mukuyenda osaona kanthu.

Zimene ndimachita tsopano ndi izi, motsatana kwake. Ndikangoona kuwala kwa galimoto patali, ndisanatsitse nyali yanga, ndimayang'anitsitsa mbali yanga ya msewu mpaka pamene fulu akufika, kuti ndidziwe zimene zilipo. Kuwala kwa galimoto yobwerayo kumathandizanso ikadali kutali: munthu, njinga kapena ng'ombe zimaoneka ngati chithunzithunzi chakuda, ndipo mukaona nyali zake zikuphethira kapena kubisika pang'ono, dziwani kuti pali chinthu chimene chadutsa pakati panu. Kenako ndimatsitsa nyali, ndimabweza moto, ndimatsitsa giya imodzi, zala ziwiri zili pa buleki. Kuchepetsa liwiro kuchitike galimotoyo isanafike. Mukadikira kuti muthobwe kaye, mwachedwa.

Maso asapite pa nyali zake, ngakhale amakokeka okha. Yang'anani kumanzere, pansi, pa mzere wa m'mphepete mwa msewu, kapena pamene phula lathera ngati mzerewo unafufutika, mamita angapo kutsogolo kwanu. Galimotoyo muziionera pakona ya diso. Pali chifukwa chinanso: njinga imapita kumene mukuyang'ana, ndiye woyang'ana nyali za thiraki amasendera kwa thirakiyo osadziwa.

Musathawire kumphepete kwenikweni. Kumeneko ndi kumene kuli oyenda pansi, akabaza akapalasa, mchenga ndi phula lodyeka. Khalani chapakati pa mbali yanu, kusendera kumanzere pang'ono, kuti mphepo ya thiraki isakukankheni. Akakana kutsitsa magetsi, muphethirireni kamodzi, basi. Kubwezera fulu kumangopangitsa kuti anthu awiri osaona akumane pamsewu umodzi. Zikafika poti simukuona chilichonse, yatsani indiketa, onani pagalasi kuti kumbuyo kulibe galimoto, muime kunja kwa phula. Ine ndimaima ndithu, makamaka mathiraki akabwera atatu motsogozana. Ikadutsa, yatsani fulu nthawi yomweyo ngati kulibe ina, koma moto musawonjezere mpaka maso atabwerera.

Nyali imodzi ikamabwera, musafulumire kunena kuti ndi njinga inzanu. Ikhoza kukhala galimoto yofa diso limodzi, ndipo ngati lofalo ndi la mbali yanu, thupi lake lili pafupi nanu kuposa mmene mukuganizira. Ipatseni malo ngati galimoto.

Chachisanu: zopanda nyali ndi ziweto

Mukaona nthambi zamasamba zaikidwa pamsewu, kutsogoloko kwafa galimoto, ndipo nthawi zambiri ilibe nyali ngakhale imodzi. Chepetsani pomwepo. Ndowe zaziwisi pa phula zikutanthauza kuti ng'ombe kapena ngolo zili pafupi, komanso zimaterera. Timaso tiwiri tonyezimira m'mphepete ndi galu kapena mbuzi, ndipo mbuzi ikadutsa imodzi dikirani inzake. Gwirani mabuleki onse awiri njinga ili chilili, mofinya pang'onopang'ono osati modzidzimutsa, ndipo musakhotere mbali ya magalimoto obwera pofuna kupulumutsa nkhuku. Pa malo a malonda ngati Chimbiya, makamaka tsiku la msika, yendani ngati muli pakati pa ana asukulu, poti ena amakhala atalawa. Miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga cha ku Dedza chimafuna dimu, fulu amangokubwezerani kuwala kumaso. Utsi wa moto wa tchire chimodzimodzi.

Zotsalazi n'zodziwika. Valani jekete yonyezimira, matani tepi yonyezimira yofiira kumbuyo kwa njinga, ndipo katundu asaphimbe nyali yakumbuyo. Mukapeza galimoto yoyenda liwiro lofatsa, itsatireni patali masekondi anayi, magetsi ake azikuunikirani njira, ndipo ikagwedezeka mudziwe kuti pali dzenje. Tulo tikayamba, imani pamalo owala pomwe pali anthu, mumwe tiyi.